Silaidi imodzi, timakhadi tisanu

Phunziro la mankhwala a bipi likatha, ophunzira unamwino kapena udokotala amatsala ndi mulu wa masilaidi. Ambiri amadula timakhadi, kutsogolo n'kulemba dzina la gulu la mankhwala, kumbuyo n'kukopera silaidi yonse. Khadi lotere limanamiza mwini wake. Ukalitembenuza umangogwedeza mutu kuti "izi ndikuzidziwa," chonsecho pa mfundo zisanu wakumbuka ziwiri zokha.

Titenge silaidi ya mutu wakuti ACE inhibitors. Iyenera kubala timakhadi tisanu, kalikonse ndi funso lake limodzi.

Koyamba n'kosavuta: enalapril, captopril ndi lisinopril ndi a gulu liti? Onse amathera ndi -pril, ndipo mchira umenewu ndiwo chizindikiro cha mtundu wawo. Kachiwiri kafunse mmene amatsitsira bipi. Yankho likhale la mpweya umodzi: amatsekereza enzaimu yopanga anjiyotensini 2, amene amafinya mitsempha ya magazi, choncho mitsemphayo imamasuka.

Kachitatu ndi komwe kali ndi mnofu. Silaidi imangoti mankhwalawa amayambitsa chifuwa chouma, koma inu musalembe kuti "tchulani zovuta zake." Funsani kuti: n'chifukwa chiyani womwa enalapril amatsokomola? Enzaimu yomwe ija ili ndi ntchito inanso, yophwanya buradikinini. Ikatsekedwa, buradikinini amachuluka n'kumakereketa njira ya mpweya. Wogwira mfundo imeneyi wapezeratu ina yaulere, chifukwa buradikinini yemweyo ndiye amatupitsa milomo ndi lilime mwa anthu ena, vuto losowa koma loopsa. Zovuta zoloweza ngati mndandanda zimauluka mayeso asanafike. Zomangiriridwa ku chifukwa chake zimakhala.

Kachinayi kafunse za potaziyamu: amakwera, popeza alidositeroni, amene amauza impso kuti zimutaye, wachepa. Kachisanu: mayi woyembekezera angamwe? Ayi, amawononga impso za mwana wosabadwa.

Mukafika pa silaidi ya losartan, musayambirenso pa chiyambi. Lembani khadi la wodwala: "Agogo akumwa enalapril, akutsokomola usiku wonse. Tiwasinthire chiyani?" Kumbuyo: losartan, chifukwa amatseka pomwe anjiyotensini 2 amagwira, osakhudza buradikinini. Koma wonjezani kakhadi kena kokumbutsa kuti pa nkhani ya potaziyamu ndi ya mimba, awiriwa ndi amodzi. Apa m'pomwe ambiri amaterereka.

Powerenga, yankhani mokweza musanatembenuze. Khadi lomwe mwakhoza libwerenso pakatha masiku atatu, kenako pakatha sabata. Lomwe mwalakwa, mawa. Pulogalamu ya Anki imawerengera yokha masikuwa, koma maenvulopu atatu amakwaniranso. Muzisakaniza timakhadi ta magulu onse, apo ayi mudzaloweza ndondomeko yake m'malo mwa mankhwala. Ndipo khadi likakugonjetsani katatu, musalikakamire: kawirikawiri labisa mafunso awiri, ndiye ling'ambeni mulembe awiri.