Kupweteka kwa katumba poyenda kungakhale chizindikiro cha kutsekeka kwa mitsempha

PHALOMBE: M'chigwa cha Phalombe, komwe anthu ambiri amayenda pansi popita kumunda kapena kumsika wa Migowi, munthu wachikulire akamaimaima panjira kaamba ka ululu wa m'katumba anthu amangoti ndi nyamakazi. Koma ngati ululuwo umabwera atayenda mtunda wofanana nthawi zonse, n'kutha pasanathe mphindi 10 akaima, vuto likhoza kukhala m'mitsempha yopititsa magazi kumiyendo.

Mitsemphayi imaning'a mafuta akaundana m'kati mwake, makamaka mwa anthu osuta fodya, odwala shuga ndi othamanga magazi. Munthu akakhala pansi, magazi ochepa omwe akudutsa amakwanira. Akayamba kuyenda, minofu imafuna mpweya wa okosijeni wochuluka kuposa umene ukufika, ndipo ululu umayamba.

Pofuna kutsimikiza za matendawa, achipatala amayerekeza mphamvu ya magazi a pakakolo ndi a pamkono, muyeso womwe amautcha ABI. Wodwala amagona chagada kwa mphindi 10, kenaka amamuyeza mikono yonse ndi akakolo onse pogwiritsa ntchito kachipangizo komvera kugunda kwa magazi kotchedwa Dopula. Amatenga nambala yam'mwamba yokha ya muyeso uliwonse, ndipo ya pakakolo amaigawa ndi ya mkono womwe waonetsa nambala yokulirapo.

Mwachitsanzo, ngati mkono waonetsa 140 pomwe kakolo wakumanzere waonetsa 98, yankho ndi 0.70. Mwendo wabwino umapereka pakati pa 1.00 ndi 1.40, ndipo 0.90 kapena kutsikirapo ndi umboni wa matendawa. Nambala ikaposa 1.40 sikuti zili bwino: mwa odwala shuga ena mitsempha imauma moti siifinyika poyeza, kotero pamafunika kuyezanso pachala chachikulu cha kuphazi.

Ngakhale kuyenda ndiko kumadzutsa ululu, ndikonso mankhwala ake. Wodwala amayenda mpaka ululu utamveka ndithu, amaima kufikira utatha, n'kuyambiranso. Amachita izi kwa mphindi 30 mpaka 45, katatu pa sabata, kwa masabata osachepera 12. Kuyendaku sikutsegula potsekeka paja, ndipo nambala ya ABI kawirikawiri sisintha kwenikweni. Chomwe chimasintha n'chakuti minofu imazolowera kugwiritsa bwino ntchito mpweya wochepa womwe ikulandira, ndipo timitsempha ting'onoting'ono timatanuka bwino, moti mtunda woyenda popanda kuima umatalika. Kusiya fodya ndi kumwa mankhwala omwe dokotala wapereka kumayendera limodzi ndi kuyendako, chifukwa mafuta omwewo amatsekanso mitsempha ya mtima ndi ubongo.

Koma phazi likamapweteka munthu ali chigonere usiku, chilonda chikamakana kupola, chala chikada, kapena mwendo ukazizira ndi kuchita dzanzi mwadzidzidzi, kuyenda sikungathandize. Wodwalayo ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo kuopa kuduka mwendo.