Phazi la khwangwala pa chithunzi cha kaundula wa sukulu

Sukulu ikafuna kusamutsa kaundula wake kuchoka m'mabuku kupita pa kompyuta, katswiri wokonza detabesi amayamba wabweretsa pepala la mabokosi olumikizidwa ndi mizere. Bokosi lililonse limaimira chinthu chimene sukulu imasunga mbiri yake, monga WOPHUNZIRA, KALASI ndi PHUNZIRO. Kumapeto kwa mizereyo kumakhala tizizindikiro, ndipo malamulo a kaundulayo amalembedwa pamenepo.

Tizizindikiroti tilipo titatu. Kozungulira ndi ziro, kamzere kopingasa ndi chimodzi, ndipo timizere titatu totambasuka ngati zala za khwangwala tikutanthauza zambiri. Kajambulidwe ka phazika kanaoneka m'zolemba za Gordon Everest mu 1976. Kumapeto kulikonse timakhala tiwiri: kogundana ndi bokosi kamanena malire a pamwamba, ka kumbuyo kwake malire a pansi.

Tione mzere wa pakati pa KALASI ndi WOPHUNZIRA. Mu pulogalamu ya Mermaid umalembedwa motere:

```
erDiagram
    KALASI ||--o{ WOPHUNZIRA : muli
```

Ikani chala pa KALASI, tsatani mzere, muwerenge zili kutsidya, pafupi ndi WOPHUNZIRA. Pali kozungulira ndi phazi, choncho kalasi imodzi ikhoza kukhala yopanda mwana kapena ndi ana ambiri. Pobwerera mupeza timizere tiwiri pafupi ndi KALASI: mwana aliyense ali m'kalasi imodzi basi. Ambiri amalakwitsa powerenga chizindikiro cha pomwe ayambira. Chiganizo chikatuluka chakuti mwana mmodzi ali m'makalasi ambiri, dziwani kuti mwawerenga chozondotsa.

Kozungulira kaja n'kofunika. Fomu 1A imakonzedwa ana asanafike. Pakanakhala kamzere m'malo mwake, chithunzicho chikanaletsa kulemba kalasi imene mwana wake woyamba sanalembetse.

Nkhani imakula pakati pa WOPHUNZIRA ndi PHUNZIRO. Mwana amatenga maphunziro ambiri, ndipo masamu amatengedwa ndi ana ambiri, motero phazi limaoneka mbali zonse ziwiri. Nanga malikisi 64 amene mwana wapeza pa masamu alembedwa pati? Pa bokosi la mwana ayi, poti pa Chichewa wapeza ena. Pa bokosi la masamu ayinso, poti anzake apeza awo. Pamafunika bokosi lachitatu pakati, tinene ZOTSATIRA, losunga nambala ya mwana, phunziro, teremu, chaka ndi malikisi. Mapazi onse awiri amatembenukira ku bokosi latsopanoli. Likasowa teremu ndi chaka, malikisi a teremu yachiwiri amafufuta a yoyamba.

Inu amene mukuyendetsa sukulu, musasainire pepalali musanawerenge mzere uliwonse mokweza, kupita ndi kubwerera. Chiganizo chimene sichikugwirizana ndi zochitika pasukulu panu chikonzedwe papepala pomwepo, dzina la mwana lisanalowe mu kompyuta.