Mutu wa Tsamba Uziyankha Funso la Wosaka

Magetsi akathima madzulo, anthu ambiri amatulutsa foni n'kuyamba kusaka za sola pa Google. Tiyerekeze atatu mwa iwo. Woyamba ndi mphunzitsi yemwe sanagwirepo sola, ndipo walemba kuti "sola ya mawati 100 ingayatse chiyani". Wachiwiri ndi mayi wa saluni yemwe watsimikiza kale kugula, koma akusinkhasinkha za batire, choncho walemba kuti "batire ya lithiamu kapena ya jelo". Wachitatu ndalama ali nazo m'thumba, ndipo mawu ake ndi achidule: "kugula sola ya mawati 100 Lilongwe".

Onse atatu akukamba za katundu mmodzi, ndipo sitolo imodzi ikhoza kuwathandiza onse. Koma chimene aliyense amayamba kuona si sitoloyo ayi. Amaona kamzere kamodzi ka mawu pakati pa timizere tina tambirimbiri, ndipo pa kamphindi kochepa amasankha kodina. Kamzere kameneko ndiko mutu wa tsamba. Mwini webusayiti amaulemba mkati mwa tsamba lake motere:

```html
<title>Sola ya Mawati 100 Ingayatse Chiyani Panyumba?</title>
```

Wogulitsa aliyense wa mu msika wa Limbe amadziwa kusiyanitsa munthu wongocheukira, munthu wofunsa mitengo benchi ndi benchi, ndi munthu wobwera atakunga kale ndalama pa chitenje. Salankhula nawo mofanana. Pa intaneti nkhope ya kasitomala sioneka, ndiye chotsala ndi mawu amene walembawo.

Kugawa osaka m'magulu chonchi si kwa dzana. Mu 2002, katswiri wa makompyuta Andrei Broder, yemwe anagwirapo ntchito ku AltaVista, imodzi mwa makina osakira omwe anatchuka Google isanakule, analemba kuti kusaka kuli mitundu itatu: kusaka njira yopita ku webusayiti yomwe munthu akuidziwa kale, kusaka chidziwitso, ndi kusaka pofuna kuchita chinthu monga kugula kapena kukopera fayilo. Pambuyo pake anthu a ntchito yokweza mawebusayiti anawonjezera mtundu wina wa pakati, wa munthu amene adzagula ndithu koma akuyerekeza kaye. Wosaka njira savuta, chifukwa dzina la kampani likakhala m'mutu wa tsamba loyamba, nkhani yatha. Ntchito ili pa atatu enawo.

Mphunzitsi uja akufuna kudziwa basi. Mutu womuyenera ndi umene ukubwereza funso lake pafupifupi m'mawu ake omwe, ngati uli pamwambawo, chifukwa akauona amazindikira nthawi yomweyo kuti yankho lili kuseri kwake. Mawu monga "chiyani", "bwanji", "chifukwa chake" ndi "njira ya" ndiwo amagwira ntchito pano. Ndipo tsambalo likwaniritse lonjezolo. Limuuze kuti sola ya mawati 100, ikalandira dzuwa lamphamvu kwa maola pafupifupi asanu, imapanga mphamvu yokwanira mababu angapo osadya magetsi ambiri, kutchaja mafoni ndi kuonera kanema wamng'ono madzulo, koma kuti ayironi ndi ketulo n'zosatheka.

Cholakwa chofala pa masamba otere n'kulowetsa malonda m'mutu. Mwini sitolo amaganiza kuti poti tsamba lililonse ndi mwayi wogulitsa, bwanji osalembapo "Gulani Lero". Koma munthu amene akadafunsa ngati sola ingamuthandize n'komwe, akaona mawu amenewo amadziwa kuti akukakumana ndi wotsatsa, osati wofotokoza, ndipo amadina pena. Dzina la sitolo nalonso lisatsogole. Mphunzitsiyu sakulidziwa, ndipo silimuuza kanthu. Ngati malo alipo, likhale kumapeto.

Mayi wa saluni ndiye amene olemba mitu ambiri amamuphonya, ndipo n'zomvetsa chisoni chifukwa ndi kasitomala wa mtengo wapatali. Iyeyu sakufunanso phunziro la chiyambi, komanso sanakonzeke kulipira. Akufuna wina amuikire zinthu ziwiri pambalipambali. Mutu wake uyenera kutchula zonse ziwiri ndi maina ake, kenako kunena muyeso umene ziyerekezedwe nawo:

```html
<title>Batire ya Lithiamu ndi ya Jelo: Mtengo ndi Kukhalitsa</title>
```

Mawu a kumapetowo ndiwo mtima wa mutuwu. Mayiyu akudziwa kale kuti batire ya lithiamu ndi yodula pogula. Chimene chikumusowetsa tulo n'chakuti kodi kukhalitsa kwake kudzabweza ndalamayo, kapena ndi bwino kugula ya jelo yotsika mtengo n'kudzaisintha msanga. Mutu umene watchula mtengo ndi kukhalitsa wamuonetsa kuti wolembayo wamva nkhawa yake yeniyeni. Mutu wongoti "Mabatire Abwino Kwambiri" sunamuuze kuti ndi abwino pa chiyani, kapena kwa yani.

Pa mitu ya mtundu uwu anthu amakonda kuikapo chaka kapena chiwerengero, monga "Mabatire 5". Zimathandiza pokhapokha zikakhala zoona. Ngati tsamba lili ndi mabatire atatu, mutu unene atatu. Ndipo kusintha chaka m'mutu pomwe zamkatimo sizinakhudzidwe n'kunamiza owerenga, amene sachedwa kuona kuti katundu wotchulidwayo anasowa kalekale m'masitolo. Palinso nkhani ya chilungamo: sitolo yogulitsa lithiamu yekha ikalemba mutu woyerekeza, tsambalo linene moona za nthawi imene jelo ndiyo yanzeru kugula. Likapanda kutero, mutuwo walonjeza kuyerekeza koma wapereka malonda.

Wachitatu uja safuna nthano. Akufuna kudziwa ngati katunduyo alipo, ali kuti, ndipo amupeza bwanji.

```html
<title>Gulani Sola ya Mawati 100 ku Lilongwe | Timatumiza</title>
```

Pano mawu oti "gulani" ali pamalo pake. Dzina lenileni la katundu, kukula kwake ndi mzinda zikhale koyambirira, ndipo malo otsalawo apatsidwe kwa chinthu chimodzi chimene chingathetse kukayika kwa wogula, kaya n'kutumiza, kaya gerenti, kaya kulipira pa foni. Nanga mtengo? Umakopa maso, koma uli ndi msampha wake. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya katundu wochokera kunja inasintha m'masiku ochepa. Google imatenga nthawi kuti ibwerere pa tsamba n'kuona kuti mutu wasintha, choncho mtengo wakale ukhoza kumaonekabe kwa osaka. Wogula amene wadina pa mtengo wina n'kupeza wina amaona ngati wapusitsidwa. Sitolo imene mitengo yake siikhazikika ndi bwino mtengowo iuike m'kati mwa tsamba.

Zonsezi zikutanthauza masamba atatu, osati limodzi. Ambiri amayesa kukola onse ndi mutu umodzi, wonga "Sola, Mabatire, Mitengo, Malangizo, Gulani Sola Yotchipa ku Malawi". Mutu wotere sulankhula kwa aliyense, ndiponso sukwana. Pa kompyuta Google imaonetsa mutu m'malo otalika mapikiselo pafupifupi 600, omwe kawirikawiri amakwana zilembo 50 mpaka 60, ndipo zotsala zimadulidwa n'kusiya timadontho titatu. Mawu a Chichewa amakonda kutalika, ndiye malowo amatha msanga. N'chifukwa chake mawu osonyeza cholinga cha wosaka ayenera kubwera koyambirira.

Kodi munthu angadziwe bwanji cholinga cha mawu amene anthu akusaka? Mawu ena amadziulula okha, koma ena ayi. Wolemba kuti "sola ya mawati 100" basi akhoza kukhala aliyense mwa atatu aja. Njira yosavuta ndi kulemba mawuwo pa Google n'kuona zimene zatuluka pa tsamba loyamba. Ngati zambiri ndi nkhani zofotokoza, ndiye kuti Google yaona kuti osaka mawuwo amakhutira ndi mafotokozedwe, ndipo tsamba la malonda lidzavutika kulowapo ngakhale mutu wake ukongole bwanji. Ngati kwadzaza masitolo, zithunzi za katundu ndi mapu, ndiye kuti osakawo ndi ogula. Zikasakanikirana, mwini tsamba asankhe gulu limodzi n'kulilembera mosabisa. Kufufuza komweku kumaonetsanso chiyankhulo. Amalawi ambiri amasaka katundu wotere m'Chingerezi, monga `solar panel price in Malawi`, ndipo ngati makasitomala amalemba chomwecho, tsamba ndi mutu wake ziyenera kuwatsatira m'chiyankhulo chimenecho. Malamulo a kapangidwe ka mutu sasintha.

Mutu ukaikidwa, pali chida chaulere chotchedwa Google Search Console chimene chimauza mwini webusayiti mawu amene anthu anasaka, kangati tsamba lake linaonekera, kangati linadinidwa, ndiponso linali pa malo achingati. Tiyerekeze kuti tsamba la mabatire lija laonekera ka 2,000 pa mwezi, lili pa malo achitatu, koma ladinidwa ka 20 kokha. Pamenepo ndiye kuti munthu mmodzi yekha pa 100 aliwonse ndiye akudina, zomwe n'zochepa kwa tsamba lokhala pamwamba chonchi. Mwini wake ayang'ane mndandanda wa mawuwo. Akapeza kuti ambiri ali ndi "kapena" ndi "kusiyana", pomwe mutu wake ukuti "Gulani Mabatire", matenda wawapeza. Asinthe mutu wokhawo, alembe tsiku limene wasintha, adikire milungu ingapo, kenako ayerekeze. Akasintha zinthu zambiri nthawi imodzi sadzadziwa chimene chathandiza.

Vuto lina limaoneka mosiyana. Anthu akudina ambiri, koma palibe woimba foni kapena woitanitsa katundu. Kawirikawiri apa mutu walonjeza zimene tsamba lilibe, monga kunena kuti "gulani" pomwe mkatimo mulibe mtengo, nambala ya foni kapena batani logulira. Mankhwala ake si kukometsera mutu, koma kukonza tsambalo kapena kutsitsa mutu kuti ufanane nalo.

Pali malire ena amene mwini tsamba sangawalumphe. Mawu omaliza pa mutu woonekera ali ndi Google. Mu Ogasiti 2021 kampaniyi inasintha njira yake yopangira mitu yoonetsa kwa osaka, ndipo mwezi wotsatira inanena kuti imagwiritsa ntchito mutu wolembedwa ndi mwini tsamba pafupifupi ka 87 pa 100 aliwonse. Pa zotsalazo imatenga mawu kwina, makamaka pa mutu waukulu wooneka pamwamba pa nkhani m'tsambamo. Mitu imene imakonda kusinthidwa ndi yotalika kwambiri, yodzaza mawu obwerezabwereza, yofanana pa masamba ambiri, kapena yopanda kanthu ngati `Home`. Choncho sitolo ya sola ija ikamaliza kulemba mitu yake itatu, ionetsetse kuti mutu wa mu `<title>` ndi wa mu `<h1>` pa tsamba lililonse zikunena chinthu chimodzi, kenako pakatha masiku angapo isake mawu aja pa foni n'kuona ngati mutu wotulukawo ndi womwe inalemba.