Zimene ofunsa mafunso amakumbutsidwa kafukufuku asanayambe

Kukatsala tsiku limodzi kuti kafukufuku wa khomo ndi khomo ayambe, woyang'anira gulu amatumiza uthenga waufupi kwa ofunsa mafunso, kawirikawiri pa WhatsApp. Maphunziro amakhala atatha kale, choncho uthengawo umangokhudza malo amene anthu amapunthwa akafika m'mudzi.

Umayamba ndi chilolezo. Mfumu ikalola kuti alendo ayende m'mudzi mwake, sindiye kuti aliyense wavomera kufunsidwa. Ngakhale mwamuna sangavomerere mkazi wake. Wofunsa amawerengera munthu aliyense kalata ya chilolezo m'chinenero chimene amamva, n'kufotokoza cholinga cha kafukufukuyo, nthawi imene macheza atenge, ndiponso kuti ali ndi ufulu wokana, wodumpha funso kapena wosiyira panjira. Pamene pakufunika siginecha, wosadziwa kulemba amadinda chala pamaso pa mboni. Mwana wosakwana zaka 18 amafunika chilolezo cha kholo, komanso mwiniwakeyo avomere. Vuto lalikulu limadza munthu akafunsa kuti, "Kodi mukulemba mayina a chithandizo?" Yankho lozungulira limachititsa anthu kubisa mbuzi ndi matumba a chimanga kuti aoneke osauka, ndipo zolembedwazo zimakhala zabodza. Wofunsa anene mosabisa kuti palibe chimene chidzagawidwe.

Za ulemu n'zodziwika: kuodira, kupereka moni, kuvala modzilemekeza, kukhala pamene apatsidwa, ndi kufunsa za uchembere kapena matenda poduka mphepo, apongozi ndi ana asakumva. Chiphaso chizioneka pachifuwa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje ndi Phalombe zinaphetsa anthu, ndipo mlendo wosadziwika kwa mfumu amakayikiridwa msanga.

Pa kulemba molondola, msampha wodziwika ndi zaka za munthu. Mayi akanena kuti sadziwa zaka zake, wofunsa asangomuyang'ana nkhope n'kulemba 30. Apemphe chiphaso cha unzika kapena buku la kuchipatala. Zikasowa, afunse zimene zinachitika. Ngati mayiyo anauzidwa kuti anabadwa chaka chimene a Bakili Muluzi analowa m'boma, ndiye kuti ndi 1994, ndipo zaka zake ziwerengedwe kuchokera pamenepo.

Palinso ulesi wobisika. Kafukufuku wa zaumoyo wa ofesi ya National Statistical Office ku Zomba amafunsa mafunso ambiri kwa amayi a zaka 15 mpaka 49. Wofunsa wotopa angalembe mtsikana wa zaka 15 ngati wa 14, kapena mayi wa 49 ngati wa 50, kuti athawe ntchito. Zimenezi sizibisika. Oyang'anira akaona a zaka 14 ndi 50 atachuluka modabwitsa mwa wofunsa mmodzi, amabwerera kumakomo omwewo kukafunsanso. Tabuleti nayonso imasunga nthawi imene macheza anayamba ndi kutha, moti mafunso a ola lathunthu omalizidwa m'mphindi 10 amaonekera madzulo omwewo.