Minibasi ndi galimoto zikawombana papepala la mayeso

Minibasi ya makilogalamu 2,000 ikuthamanga mamita 15 pa sekondi kulowera kumpoto. Galimoto yaing'ono ya makilogalamu 1,000 ikubwera kutsogolo kwake pa liwiro la mamita 12 pa sekondi. Ziwirizi zikuwombana, zikukolana, kenako zikuyendera limodzi. Kodi zilowera kuti, ndipo pa liwiro lanji?

Mafunso a mtundu umenewu amakumana nawo ophunzira a fizikisi amene akukonzekera mayeso a Fomu 4. Masamu ake ndi ochulukitsa ndi kugawa basi, koma malikesi amatayikira pa kachizindikiro kamodzi kochotsera.

Chimene funsoli likufuna ndi momentamu, yomwe imapezeka pochulukitsa kulemera kwa chinthu ndi liwiro lake: p = mv. Lamulo lake likuti zinthu ziwiri zikawombana popanda mphamvu ina yochokera kunja yozikankha, momentamu yazo yonse isanachitike ngozi imafanana ndi ya pambuyo pake. Chifukwa chake chili mu lamulo lachitatu la Isaac Newton, limene analisindikiza mu 1687. Minibasi imakankha galimoto ndi mphamvu yofanana ndendende ndi imene galimotoyo ikukankhira minibasi, ndipo kukankhanako kumatenga nthawi yofanana. Choncho momentamu imene ina yataya, inzake yalandira. Matayala amakhuzana ndi msewu ndithu, koma kuwombana kumatha m'kanthawi kochepa kwambiri, moti mphamvu ya msewuyo siwerengeredwa. Lamuloli limapereka liwiro la pomwepo zitangowombana. Zikayamba kukhwekhwereka pamsewu mpaka kuima, nkhaniyo yasanduka ina.

Msampha uli pakuti momentamu ili ndi kolowera. Wophunzira wochenjera amayamba wajambula mabokosi awiri ndi mivi yake, n'kusankha mbali imodzi kuti ikhale yophatikiza. Kumpoto kukakhala kophatikiza, liwiro la minibasi ndi +15, la galimoto ndi −12. Popeza zakolana, liwiro lazo lomaliza ndi limodzi, ndipo fomula yake ndi iyi:

m₁u₁ + m₂u₂ = (m₁ + m₂)v

Minibasi yabwera ndi momentamu ya 2,000 × 15, yomwe ndi 30,000 kg m/s. Ya galimoto ndi 1,000 × (−12), kutanthauza −12,000 kg m/s. Zonse pamodzi ndi 18,000 kg m/s. Kugawa nambalayi ndi makilogalamu 3,000 a zonse ziwiri, yankho ndi mamita 6 pa sekondi. Popeza latuluka lophatikiza, zikulowera kumpoto, kumene minibasi inkapita, ndipo mbaliyo iyenera kulembedwa payankho.

Amene waiwala chizindikiro amaphatikiza 30,000 ndi 12,000, n'kupeza mamita 14 pa sekondi. Nambalayo imaoneka yaudongo, koma ikutanthauza kuti minibasi imene yawombedwa chamaso ndi galimoto ya tani imodzi yangochepetsako liwiro ndi mita imodzi pa sekondi. Aliyense amene anaonapo ngozi pamsewu wa M1 angakane.

Pali njira yachidule yotsimikizira yankho nthawi isanathe. Minibasi yatsika kuchoka pa 15 kufika pa 6, ndiye kuti yataya 2,000 × 9, yomwe ndi 18,000 kg m/s. Galimoto yachoka pa −12 kufika pa +6, kusintha kwa mamita 18 pa sekondi, ndipo yalandira 1,000 × 18, yomwenso ndi 18,000 kg m/s. Zagwirizana. Yankho la 14 likayesedwa chimodzimodzi, minibasi yataya 2,000 pamene galimoto yalandira 26,000, ndipo cholakwa chaonekera poyera.

Funso likapitirira, kawirikawiri limafuna kudziwa ngati mphamvu ya kuyenda, imene imapezeka ndi ½mv², nayonso yasungika. Apa chizindikiro chilibe ntchito, chifukwa −12 akachulukitsidwa ndi −12 mnzake amapereka 144. Isanachitike ngozi, minibasi inali ndi majulu 225,000, galimoto 72,000, zonse pamodzi 297,000. Zitakolana, zatsala ndi majulu 54,000 okha. Majulu 243,000 enawo apita kokapinda zitsulo, kutenthetsa zinthu ndi kuchita phokoso. N'chifukwa chake wophunzira amene wayamba ndi kufananitsa mphamvu ya kuyenda pa funso la zinthu zokolana amasochera: momentamu ndiyo imasungika pa kuwombana kulikonse, pomwe mphamvu ya kuyenda imasungika pokhapokha funso litanena kuti palibe imene yatayika.

Zinthu zikawombana n'kubwererana m'malo mokolana, chilichonse chimakhala ndi liwiro lakelake, ndipo mbali yakumanja ya fomula imakhala m₁v₁ + m₂v₂. Chinthu chimene chanjanja n'kubwerera kumene chinachokera chimasintha chizindikiro. Miyezo nayo iyenera kusinthidwa kuwerengera kusanayambe. Magalamu agawidwe ndi 1,000 kuti akhale makilogalamu, ndipo makilomita pa ola agawidwe ndi 3.6. Funso likanena kuti minibasi inkathamanga makilomita 54 pa ola, nambala yolowa mu fomula ndi 15.