Mwana Akatseka Chitseko, Kholo Lidziwe Choti Liope

Makolo amene amafika m'chipinda changa cha uphungu kuno ku Muloza, kaya achokera ku minda ya tiyi kaya ku msika wa Limbuli, ambiri amadza ndi dandaulo limodzi, lakuti mwana amene kale ankawauza zonse tsopano watsala ndi mawu awiri okha, "ndadya" ndi "ndapita". Ndipo amayembekeza kuti ine, poti ndine namwino wolangiza achinyamata, ndifukule mtima wa mwanayo ndi kuwatulira zili m'katimo. Ndifuna ndifotokoze mmene ife a ntchito iyi timaweruzira nkhani yotere, pakuti sitiyesa kuchuluka kwa zimene mwana akubisa ayi, koma timafunsa kuti chinsinsicho mwini wake ndani, ndipo chikupindulira yani.

Makolo athu akale adadziwa kuti mwana wosinkhuka ayenera kukhala ndi malo ake, n'chifukwa chake mnyamata ankamumangira gowelo, mtsikana ankagona kwa agogo ake, ndipo zakutha msinkhu ankazimva kwa anankungwi, osati kwa mayi womubala. Mtsikana amene ayanika kansalu kake kobisika, amene safuna kuti mlongo wake agwire kabuku kake, amene achita manyazi mukatchula dzina la mnyamata wina wa m'kalasi mwake, ameneyo akukula monga adakulira amayi ake. Chizindikiro chake nchakuti ngakhale abisa maganizo ake, moyo wake uli poyera: mudziwa kumene ali, anzake ndi amsinkhu wake ndipo mumawadziwa maina, akudya, akugona, kusukulu akupita, ndipo mukamufunsa mopyola malire amanyinyirika kapena kukwiya, koma sanjenjemera. Kukwiya ndi kuopa nzosiyana kwambiri, ndipo pa kusiyana kumeneku ndi pamene ine ndimayang'anitsitsa.

Chinsinsi choopsa nthawi zambiri chimakhala ndi munthu wachitatu, wamkulu kuposa mwanayo, wopatsa mphatso, amene walamula kuti "usauze munthu". Ndipereke chitsanzo, nditasintha zina kuti banjalo lisadziwike. Mayi wina wotchola tiyi adabwera ndi mwana wake wamkazi wa zaka 15, wa fomu 2, atapeza foni m'thumba la chimanga. Foni payokha sidandidetse nkhawa, pakuti ana amabwerekana mafoni. Chimene ndidafunsa nchakuti idagulidwa ndi ndalama za yani, popeza m'nyumbamo munalibe woigula. Mayiyo pokumbukira adatchulanso mafuta odzola ndi nsapato zatsopano zimene mwanayo ankati wapatsidwa ndi mnzake, mnzake amene sadaonekepo pakhomo. Adatchula ndalama zachitsulo za ku Mozambique zimene adazipeza pochapa yunifomu. Ndipo aphunzitsi adatsimikiza kuti masiku ena mwanayo ankachoka pakhomo m'mawa koma m'kalasi osafika. Kuno kumalire metikali m'thumba si chachilendo, nayonso simu ya Movitel anthu ambiri ali nayo, choncho palibe chimodzi mwa izi chimene chikadakwana pachokha. Koma katundu wopanda gwero, maola osawerengeka, bwenzi losaoneka nkhope, ndi mwana wodzidzimuka foni ikalira, zonsezi zikakumana mwa munthu mmodzi m'miyezi yochepa, pamenepo mlangizi sazengerezanso.

Ndidapempha mayiyo kuti adikire panja, ndipo ndisanafunse kanthu ndidauza mtsikanayo lamulo la chipinda chathu, limene ndimauza aliyense poyambirira: "Mwanawe, zimene undiuze zikhala pakati pa iwe ndi ine, pokhapokha ngati wina akukupweteka, kapena iwe ukufuna kudzipweteka kapena kupweteka wina, zikatero ndidzayenera kuitana thandizo, koma ndidzayamba ndakuuza." Makolo ena amakhumudwa akamva kuti sindidzawauza zonse, nati, "Kodi wobala ndine kapena ndinu?" Ndimawamvetsa ndithu, koma mwana akadziwa kuti mawu ake akafika kwa atate ake dzuwa lisanalowe, sadzabweranso, ndipo tidzamuona mimba itakula kale. Ngakhale lamulo la 2018 lokhudza HIV limalola mwana wa zaka 13 kuyezetsa magazi yekha pa chifukwa chomwechi.

Sindidayambe ndi foni. Ndidafunsa za pakhomo, za sukulu, za chakudya ndi tulo, za anzake, pang'onopang'ono kusendera ku zovuta, kufikira funso limene limatsegula zambiri: "Kodi alipo amene adakuuza kuti ukaulula, chinachake chidzakuchitikira?" Adalira. Anali bambo wa malonda a chimanga wodutsadutsa pachipata, amene ankamutumira kabaza kuti amuwolotsere ku Milange, namulonjeza ntchito ya m'nyumba kutsidyako, namuopseza kuti akanena adzafuna ndalama zake zonse kwa amayi ake. Taonani mmene chinsinsicho chidalili: chinkatchinjiriza bamboyo, ndipo mwanayo ankachisenza ngati ngongole. Malamulo a dziko lino, chisinthireni malamulo aakulu mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu limati mwana sangavomereze kutengedwa kotere, ngakhale atakwera yekha njingayo mokondwa. Tidauza mayiyo tili atatu, tidamuyeza mtsikanayo, ndipo nkhani idapita kwa a ofesi yosamalira anthu ndi kwa apolisi oona za ochitiridwa nkhanza. Kholo lidziwe kuti mankhwala oteteza ku HIV munthu akagwiriridwa amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Kudikira kuti malume abwere kudzakhala pabwalo kumatayitsa nthawi imene sibwerera.

Chiliponso chinsinsi china chopanda munthu wachitatu, ndipo chimenechi chimaphonyedwa kwambiri mwa anyamata, poti timati mwamuna salira. Mnyamata akasiya mpira umene ankaukonda, nasiya anzake onse, osati makolo okha, nasadya, nasagona, kwa masabata awiri kapena kuposa, ameneyo sakufuna malo ake, akudwala mumtima, ndipo kawirikawiri pansi pake pamakhala ngongole ya kubetcha, chamba, kapena manyazi a mayeso. Mufunseni mosazungulira ngati waganizapo zodzipha. Funsolo silidzala maganizowo mwa iye, koma limamupatsa mpata wolankhula, ndipo akavomera musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi zingwe, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Za kufufuza m'foni mobisa, ine ndimaletsa pamene zizindikiro palibe, pakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo kholo limene liswa chikhulupiriro pofuna kupeza kalata yachikondi ya ana a sukulu lidzasowa womuuza tsiku la tsoka lenileni. Kuli bwino kuika poyera zimene sizibisika m'nyumba, ndiko kuti kumene mwana ali, amene ali naye, nthawi yobwera, ndi gwero la ndalama iliyonse, ndipo zotsalazo kumusiyira, mutamusankhira azakhali kapena agogo amene angawauze zimene sangauze inu. Koma zizindikiro zija zikaoneka, tengani foniyo iye akuona ndipo muuzeni chifukwa chake. Musaiphwanye ndi ukali, musafufute mauthenga, musaimbire munthu wachitatuyo kumuopseza, pakuti mauthenga ndi manambala otumizira ndalama ndiwo umboni, ndipo munthu wochenjezedwa kuno amawoloka mtsinje wa Muloza tsiku lomwelo. Amene ali kutali ndi chipatala aimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana.