Mawu Oitanira Munthu M'Chivietinamu

Chivietinamu ndi chilankhulo chachikulu cha dziko la Vietnam, kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Chilankhulochi chilibe mawu amodzi oitanira munthu aliyense ngati mmene Chingerezi chilili ndi mawu akuti "you". M'malo mwake, anthu amaitanana ndi mawu achibale monga mchimwene, azakhali kapena agogo, ngakhale pamene palibe ubale uliwonse. Choncho womasulira "you" m'Chivietinamu ayenera kudziwa kaye amene akulankhula, amene akumuuza, msinkhu wa awiriwo komanso udindo wawo.

Mawu ake amayenda awiriawiri

M'Chichewa munthu amasankha pakati pa "iwe" ndi "inu", koma "ine" sasintha. M'Chivietinamu mbali zonse ziwiri zimasintha. Munthu akasankha mawu oitanira mnzake, amakhala wasankhanso mawu odzitchulira yekha.

Mawu akuti anh amatanthauza mchimwene wamkulu, chị ndi mchemwali wamkulu, ndipo em ndi mng'ono, kaya wamwamuna kapena wamkazi. Mnyamata akamalankhula ndi mng'ono wake amadzitchula kuti anh, n'kumutchula mnzakeyo kuti em. Mng'onoyo akamayankha, amadzitchula em ndipo mkuluyo amakhalabe anh. Mawuwo amamatirira pa munthu, osati pa amene akulankhula. N'chifukwa chake anh amatanthauza "ine" m'chiganizo china, n'kutanthauza "inu" m'chiganizo chotsatira.

Chitsanzo chodziwika ndi cha mawu akuti "ndimakukonda". Mwamuna amauza mkazi kuti "Anh yêu em", ndipo mkazi amati "Em yêu anh". Mawu akuti yêu ndiwo "kukonda", ndipo enawo angosinthana malo. Anthu ambiri okondana amagwiritsa ntchito mawu amenewa ngakhale mkaziyo atakhala wamkulupo pang'ono.

Funso limodzi, anthu asanu

Chiganizo cha Chingerezi chakuti "Where are you going?", kutanthauza kufunsa munthu kumene akupita, chimasonyeza bwino mmene zimayendera. M'Chivietinamu đi ndi "kupita" ndipo đâu ndi "kuti". Mawu awiriwa sasintha. Amene amasintha ndi mawu oyamba, omwe akulowa m'malo mwa "you". Mwachitsanzo, mayi wa zaka 30 wa mumzinda wa Hanoi angafunse funsoli kwa anthu asanu oyandikana nawo nyumba, omwe si abale ake.

Kwa mtsikana wa zaka 22, mayiyu adzati "Em đi đâu?" ndipo iye adzadzitchula chị. Kwa bambo wa zaka 35, adzati "Anh đi đâu?" ndipo tsopano iyeyo ndiye em. Kusiyana kwa zaka zochepa chabe kwamutembenuza kuchoka pa mkulu kukhala mng'ono.

Akafika pa anthu a msinkhu wa makolo ake, amawayerekezera ndi bambo ake omubereka. Bambo wa zaka 50, yemwe ndi wamng'ono kwa bambo akewo, amamutchula chú, kutanthauza bambo aang'ono. Akadakhala wamkulu kwa bambo ake akanamutchula bác, mawu amene kumpoto kwa dzikolo amanena mkulu wa bambo kapena wa mayi. Kwa nkhalamba ya zaka 85 adzati ông, agogo aamuna, kapena bà, agogo aakazi. Pamaso pa akuluakulu onsewa iye amadzitchula cháu, mawu otanthauza mdzukulu kapena mwana wa m'bale. Amawonjezeranso kamawu kaulemu kakuti ạ kumapeto: "Chú đi đâu ạ?"

Munthu wachisanu ndi mwana wa zaka 8. Apa mayiyu adzati "Cháu đi đâu?" ndipo adzadzitchula cô, azakhali. Mawu akuti cháu, amene posachedwa amatanthauza "ine", tsopano akutanthauza "iwe".

Poti zonsezi zimadalira msinkhu, anthu a ku Vietnam akangokumana koyamba amakonda kufunsana zaka kapena chaka chobadwa. Funso lotere si lachipongwe, chifukwa popanda yankho lake n'zovuta kuyamba kucheza bwino. Anthu a kum'mwera, monga mumzinda wa Hồ Chí Minh, nthawi zambiri amadzitchula con, kutanthauza mwana, pamalo pamene a kumpoto amati cháu.

Pamene udindo uposa msinkhu

M'banja, chofunika ndi malo a munthu pa mzere wa ubale, osati zaka zake. Mwana wa mkulu wa bambo ako amakhala anh kapena chị kwa iwe ngakhale atabadwa pambuyo pako. Motero munthu wa zaka 40 angathe kutchula msuweni wake wa zaka 20 kuti anh, iye n'kumadzitchula em. Womasulira nkhani ya m'banja amene akungoyang'ana zaka za anthu amalakwitsa pamenepa.

Kusukulu, mphunzitsi wamwamuna ndi thầy ndipo wamkazi ndi cô, pomwe wophunzira ndi em. Ambiri amapitiriza kuitana aphunzitsi awo motero moyo wonse. Pa misonkhano ya boma kapena ya zamalonda, ông ndi bà sanenanso za ukalamba koma amakhala ngati "bambo" ndi "mayi" aulemu, ndipo wolankhula amadzitchula tôi. Mawu achibale amapatsidwanso kwa atsogoleri: Hồ Chí Minh, yemwe anamwalira mu 1969, amadziwika m'dzikomo kuti Bác Hồ.

Mawu omwe si achibale

Pali mawu ena ochepa osachokera pa ubale, koma nawonso ali ndi malire. Mabuku ambiri ophunzitsa alendo amayamba ndi tôi, "ine", ndi bạn, "bwenzi". Mawu akuti bạn ndi oyenera pakati pa anthu a msinkhu umodzi, komanso pa zotsatsa malonda ndi m'mafoni, pamene wolemba sakudziwa amene awerenge. Koma kuuza agogo kuti bạn n'kupanda ulemu. Mawu akuti mày ndi tao, "iwe" ndi "ine", amamveka pakati pa mabwenzi apamtima kwambiri kapena pa mkangano. Kwa mlendo kapena munthu wamkulu amakhala chipongwe.

Vuto la omasulira

M'buku kapena filimu ya Chingerezi, anthu awiri angaitanane "you" kuyambira poyamba mpaka pomaliza. M'Chivietinamu womasulira amakakamizika kusankha, ndipo nthawi zina ayenera kusintha pakati pa nkhani. Mwamuna ndi mkazi ongokumana kumene angayambe ndi mawu otalikirana: mwamunayo amadzitchula tôi n'kumuitana mkaziyo cô, mawu amenenso amanena mkazi wachitsikana. Akayamba kukondana amasamukira ku anh ndi em. Womasulira akafulumira kusintha, amaulula chikondicho nkhani isanafike pamenepo. Akachedwa, anthu okondana amamveka ngati alendo.

Kubwerera m'mbuyo nakonso kuli ndi tanthauzo. Mwamuna amene wakhala akuitana mkazi wake em akangoyamba kunena cô ndi tôi, womvera aliyense amadziwa kuti m'nyumbamo zinthu sizili bwino. Chiganizo chotere chikamasuliridwa m'Chingerezi, mkwiyo wonsewo umasowa, pokhapokha womasulira atausonyeza ndi mawu ena.

Njira yosavuta yodziwira ngati kumasulira kwalakwika ndi kuona ngati mawu a anthu awiriwo akugwirizana. Ngati wina akutchula mnzake chú koma iye n'kumadzitchula em, kapena ngati mdzukulu akuitana agogo ake bạn, ndiye kuti womasulira anangoyang'ana chiganizo chimodzi osafufuza kaye ubale wa olankhulawo.